Uthenga wabwera: auyankhe wa Chichewa kapena wa Chingerezi?

Ofesi iliyonse imene imalandira mauthenga a makasitomala pa WhatsApp, pa SMS ndi pa imelo imafika pamene munthu mmodzi sangathenso kuwerenga zonse n'kumagawira anzake, ndipo ntchito yogawayo imaperekedwa kwa makina. Kuno kwathu funso loyamba limene makinawo ayenera kuyankha silikhudza dandaulo la kasitomala ayi, koma chiyankhulo: kodi uthengawu upite ku mzere wa ogwira ntchito oyankha m'Chichewa, kapena kwa oyankha m'Chingerezi? Ndagwirapo ntchito imeneyi pa kampani yogulitsa zipangizo za sola zolipira pang'onopang'ono, kumene kasitomala amatumiza ndalama pa foni n'kulandira tokeni yotsegulira magetsi ake, ndipo maganizo anga ndi akuti chimene tikufuna kudziwa si chiyankhulo cha uthenga, koma chiyankhulo chimene munthu wolembayo angamvere yankho lathu. Zinthu ziwirizi zimafanana nthawi zambiri, koma pamene zasiyana ndi pamene anthu amavutika.

Ndiyambe ndi chinthu chimene chimatsogolera zina zonse. Kulakwitsa kwa mbali ziwirizi sikulemera mofanana. Wogwira ntchito wa mzere wa Chichewa pafupifupi nthawi zonse amawerenganso Chingerezi, chifukwa ndicho anaphunzirira kusukulu ndiponso ndicho chili pa kompyuta imene akugwiritsa ntchito, choncho uthenga wa Chingerezi ukasochera n'kufika kwa iye amaumva, ndipo amauyankha yekha kapena kuupititsa kwa mnzake mosachedwa. Mzere wa Chingerezi ndi wosiyana. Mumakhala anthu ochokera kunja, anthu a ku ofesi ya dziko lina imene imathandiza usiku, komanso Amalawi amene Chichewa amachiyankhula koma sanazolowere kuchilemba pa nkhani za ndalama. Uthenga wa Chichewa ukafika kumeneko umadikira, kapena umayankhidwa m'Chingerezi chimene wolandirayo sachimva bwino, ndipo munthu amene walipira kale amagona mumdima. Chifukwa cha zimenezi, lamulo logawira liyenera kupendekera mbali imodzi mwadala: uthenga upite ku Chingerezi pokhapokha umboni uli wokwanira, ndipo uliwonse wokayikitsa upite kwa munthu wodziwa ziyankhulo zonse ziwiri.

Tiyerekeze nkhani imene imachitika tsiku lililonse pa ntchito yotereyi. Mayi wina walipira ngongole yake ya mlungu uno madzulo, koma tokeni sinafike. Akulemba mauthenga atatu otsatizana pa WhatsApp. Woyamba ndi liwu limodzi, "Hello". Wachiwiri si wake: ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita, umene Airtel Money kapena TNM Mpamba imatumiza, ndipo iye wangoukopera kuti ukhale umboni. Uthenga woterowo kawirikawiri umakhala wa Chingerezi, wokhala ndi nambala ya malipiro, kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku. Wachitatu ndiwo mawu ake enieni: "Ndatumiza ndalama koma token sinabwere mpaka pano."

Makina amene amasankha mzere akangolandira uthenga woyamba adzaona "Hello" n'kunena kuti munthuyu ndi wa Chingerezi. Akayang'ana wachiwiri adzatsimikiza maganizo awowo, chifukwa ndi wautali kuposa enawo ndipo mulibe liwu la Chichewa ngakhale limodzi. Wachitatu ukamafika nkhaniyo yapita kale kwa munthu wa mzere wa Chingerezi. Palibe chimene makinawo anawerenga molakwika, popeza mauthenga awiri oyambawo ndi a Chingerezidi. Cholakwika ndi chakuti anawerenga mawu amene sanena kanthu za mwini foniyo. Moni sanena kanthu, chifukwa anthu a Chichewa chokhachokha amalemba "Hello", "Hi" ndi "Ok", monga mmene mzungu wokhala ku Lilongwe amatsekera kalata yake ndi "Zikomo". Uthenga wa makina a ndalama nawonso sunena kanthu, chifukwa si munthuyo anaulemba.

Kukonza kwake kuli pawiri, ndipo zonse zimachitika kuwerenga chiyankhulo kusanayambe. Choyamba ndi kudikira. Pa WhatsApp anthu salemba ganizo lonse mu uthenga umodzi, amalidula m'tizidutswa, choncho makina adikire mphindi imodzi kapena ziwiri kuchokera pa uthenga woyamba, asonkhanitse zonse zimene zabwera, kenako asankhe kamodzi. Kudikirako kumaoneka ngati kuchedwetsa kasitomala, koma mphindi ziwiri ndi zochepa poyerekeza ndi nthawi imene nkhani yosochera imatha ili pa mzere wolakwika. Chachiwiri ndi kuchotsa zonse zimene si mawu a munthuyo: moni ndi mawu othokoza a ziyankhulo zonse ziwiri, manambala, maadiresi a pa intaneti, ndi mauthenga a malipiro, amene amazindikirika mosavuta popeza kalembedwe kake sikasintha. Pa imelo muchotsenso mzere wonga `Sent from my iPhone`, mawu a m'munsi a kampani ya wolembayo, ndi makalata akale amene amatsatira mzere wothera ndi `wrote:`, chifukwa nthawi zina Chingerezi chimene makina akuwerenga ndi kalata yanu yomwe imene munamutumizira iye mlungu watha.

Zikachotsedwa zimenezi, chotsala ndicho chiwerengedwe. Apa ambiri amathamangira mapulogalamu okonzedwa kale ozindikira chiyankhulo, ndipo ndi bwino kudziwa zimene mapulogalamuwo amadziwa. Pulogalamu ya `langdetect`, yotchuka kwa olemba Python, imadziwa ziyankhulo 55, ndipo Chichewa mulibemo. Fayilo ya fastText yotchedwa `lid.176` imadziwa ziyankhulo 176, koma Chichewa mulibenso. Vuto lake ndi lakuti pulogalamu yotere sinena kuti chiyankhulochi sindikuchidziwa. Imasankha chimene chayandikira pa zimene ikudziwa, ndipo uthenga wa Chichewa umabwera ndi dzina la Chiswahili kapena la chiyankhulo china chakutali. Ngati lamulo lanu likuti zonse zosadziwika zipite ku Chingerezi, ndiye kuti mauthenga a Chichewa apita kumene samayenera kupita. CLD3 ya Google ili nacho Chichewa pa chizindikiro `ny`, ndipo pa ndime yaitali yolembedwa bwino imathandiza, koma pa mawu asanu osakanikirana ndi Chingerezi yankho lake silodalirika. Mauthenga a makasitomala ambiri ndi otero.

Ine ndimakonda njira yosavuta imene wogwira ntchito aliyense angathe kuitsatira ndi maso: kuwerenga timawu tomangira chiganizo, osati mayina a zinthu. Mayina amabwerekedwa mosavuta. Munthu wolemba Chichewa amalemba "token", "balance", "account" ndi "network" mmene amazionera pa foni yake, ndipo mawu amenewa sasonyeza kuti Chingerezi amachimva. Chimene sichibwerekedwa ndi mafupa a chiganizo: alumikizi monga "koma", "kuti", "ndiye" ndi "chifukwa", mawu a nthawi monga "dzulo", "lero", "pano" ndi "mpaka", komanso chiyambi cha aneni monga "ndiku-", "nda-", "sindi-", "sina-", "mwa-" ndi "aku-". Ku mbali ya Chingerezi muwerenge "the", "is", "my", "but", "have", "not", "still" ndi anzake. Mawu pafupifupi 100 mbali iliyonse amakwanira poyambira, ndipo atengedwe m'mauthenga enieni a makasitomala anu, osati mu dikishonale. Lamulo lenilenilo ndi lalifupi, ndipo m'menemo `ny` ndi chiwerengero cha mawu a Chichewa amene apezeka, pamene `en` ndi cha a Chingerezi:

```python
def mzere(ny, en):
    if ny >= 2:
        return "nya"
    if en >= 3 and ny == 0:
        return "eng"
    return "und"
```

Taonani kuti malire a mbali ziwirizi ndi osiyana, ndipo ndi pamene pali kupendekera kuja. Mawu awiri a Chichewa akukwanira kutumiza nkhani ku Chichewa, ngakhale Chingerezi chichuluke bwanji, pamene Chingerezi chikufunika mawu atatu popanda la Chichewa ngakhale limodzi. Zizindikiro za malembo atatuzo ndi za ISO 639-3, mndandanda wa padziko lonse wa zizindikiro za ziyankhulo, ndipo `und` ndi chizindikiro cha chiyankhulo chosadziwika. Ndimasankha za malembo atatu m'malo mwa `ny` ndi `en` chifukwa Chitumbuka ndi Chiyao zilibe zizindikiro za malembo awiri, koma zili ndi `tum` ndi `yao`, ndipo tsiku lidzafika limene mudzazifuna. RapidPro, imene mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito potumizirana mauthenga ndi anthu, imasunganso chiyankhulo cha munthu ndi malembo atatu omwewa.

Tibwerere kwa mayi uja. Titadikira ndi kuchotsa moni ndi uthenga wa malipiro, chotsala ndi chiganizo chake chimodzi. "Ndatumiza" akuyamba ndi "nda-", "koma" ali pa mndandanda, "sinabwere" akuyamba ndi "sina-", ndipo "mpaka" ndi "pano" alinso pa mndandanda. Amenewo ndi asanu kale, pamene mbali ya Chingerezi ilibe kanthu, chifukwa "token" ndi dzina ndipo sitikuliwerenga. Nkhaniyo ikupita ku Chichewa. Tiyese wina wolemba kuti "Pls check my account, ndalipira dzulo koma balance sinasinthe". Theka loyamba ndi la Chingerezi, koma lili ndi kamawu kamodzi kokha kowerengedwa, "my", pamene theka lachiwiri lili ndi anayi. Apanso ndi ku Chichewa, ndipo m'pake, chifukwa pamene munthuyu anafika pofotokoza vuto lake lenileni anatembenukira ku Chichewa. Wachitatu akulemba kuti "Good morning, I paid yesterday but my account is still locked. Zikomo." Moni ndi "Zikomo" zachotsedwa, ndipo "but", "my", "is" ndi "still" ndi anayi popanda la Chichewa. Ameneyu ndi wa Chingerezi, ndipo "Zikomo" wake akanapanda kuchotsedwa akanamutsekereza pa `und` popanda chifukwa.

Mndandanda wa mawuwo uli ndi misampha yake, ndipo yambiri imaoneka ntchito ikayamba. Pali mawu olembedwa mofanana m'ziyankhulo zonse ziwiri, monga "wake", "lake" ndi "make", komanso "a" amene m'Chingerezi ali paliponse koma kwa ife ndi ulemu wa patsogolo pa dzina la munthu. Amenewa asakhale pa mndandanda uliwonse. Mayina a malo ndi a anthu amasocheretsanso, chifukwa Mwanza ndi Mwale akuyamba ndi "mwa-" ndipo amapezeka mu uthenga wa Chingerezi chokhachokha. N'chifukwa chake liwu limodzi silikwanira kutumiza nkhani ku Chichewa. Msampha waukulu ndi kufupikitsa. Anthu amalemba "kt" m'malo mwa "kuti", "zkm" m'malo mwa "zikomo", "bwnj" m'malo mwa "bwanji", ndipo wina amene angaganize zozindikira Chichewa poona kuti mawu ake amathera ndi vawelo adzapeza kuti mavawelowo ndi amene amayamba kutayidwa munthu akamalemba mothamanga. Mawu ofupikitsidwawa aikidwe pa mndandanda monga mmene amalembedwera. Lembo la ŵ nalonso musalidalire, popeza pa foni ndi ochepa amalilemba, ndipo pa SMS limachititsa kuti uthenga umodzi ukwane malembo 70 okha m'malo mwa 160.

Komabe kuwerenga mawuku si koyamba pa ndondomeko yonse, ndipo ndikuona kuti apa ndi pamene maofesi ambiri amasemphana ndi chofunika. Uthenga ukafika, funso loyamba ndi lakuti kodi nambalayi ili ndi nkhani imene ikadali yotsegula. Ngati ilipo, uthengawo upite kwa munthu yemweyo amene akuyendetsa nkhaniyo, ngakhale utalembedwa m'chiyankhulo china, chifukwa kasitomala amene wayankha kuti "Ok thanks" pakati pa zokambirana za Chichewa sanasinthe chiyankhulo, ndipo kumusamutsira kwa munthu wina n'kumuyambitsanso kufotokoza zonse. Funso lachiwiri ndi lakuti kodi munthuyu ananenapo yekha chiyankhulo chimene amafuna. Malo abwino ofunsira zimenezi ndi tsiku logula, pamene ejenti akulemba dzina ndi mudzi, ndipo yankho lisungidwe pa akaunti. Zimene munthu wanena ndi pakamwa pake zimaposa zimene makina angaganize. Kuwerenga mawu kumabwera kachitatu, kwa anthu amene sitikuwadziwa.

Chiyankhulo chosungidwacho chili ndi malire ake, chifukwa nambala ya foni si munthu mmodzi nthawi zonse. Foni imodzi imatumikira banja lonse, mwana wa ku sekondale amalembera agogo ake, ndipo ejenti wa pa msika amalembera makasitomala angapo pa foni yakeyake. Mwana akalemba Chingerezi choyera tsiku loyamba makina n'kusunga `eng`, mawa agogo akalemba okha nkhani yawo idzapita kolakwika. Pa chifukwa chimenechi ndimasiyanitsa chiyankhulo chimene munthu ananena ndi chimene makina anangoganiza, ndipo chachiwiricho sindichisunga mpaka wogwira ntchito atachitsimikiza potseka nkhaniyo. Ndimalolanso kuti umboni wamphamvu wa Chichewa, monga mawu anayi kapena kuposerapo, upose `eng` wosungidwa, koma sindilola zimenezi kuchitika mobwerera. Munthu amene anapempha Chichewa akalemba Chingerezi tsiku lina akhalebe kumene ali, popeza womuyankhayo adzamva ndipo adzaona yekha chiyankhulo choyenera kuyankhira.

Nanga za `und` zichitike bwanji? Ena amakonda kuti makina afunse kasitomala asankhe 1 kapena 2. Zimathandiza ngati funsolo lalembedwa m'ziyankhulo zonse ziwiri, Chichewa chili poyamba, ndiponso ngati munthu wosayankha sakusiyidwa akudikira. Ambiri sayankha ndi nambala, amangopitiriza kufotokoza vuto lawo, ndipo mawu atsopanowo awerengedwe ngati yankho. Pakapita mphindi zochepa popanda kanthu, nkhaniyo ipite kwa munthu wa ziyankhulo ziwiri. Kumeneko kupitenso zithunzi za malisiti ndi mauthenga a mawu ojambulidwa, amene alibe malembo oti awerengedwe. Mwa zimene ndaona, otumiza mawu ojambulidwa ambiri ndi anthu amene kulemba kumawavuta, ndipo ndi anthu amene yankho la Chingerezi lingawapweteke kwambiri. Mzere wa `und` usasanduke nkhokwe yosungiramo zosadziwika: ukhale ndi mwini wake pa nthawi iliyonse ya ntchito. Pa WhatsApp Business kampani imaloledwa kuyankha ndi mawu akeake mkati mwa maola 24 kuchokera pa uthenga womaliza wa kasitomala, ndipo nthawiyo ikadutsa imangotumiza mauthenga okonzedwa kale amene anavomerezedwa. Nkhani yosochera Lachisanu madzulo imakhala itataya mwayi umenewo Lolemba lisanafike.

Kudziwa ngati kugawaku kukuyenda bwino kumafuna kusamala, chifukwa chiwerengero chosavuta kupeza chimanyenga. Chiwerengerocho ndi cha nkhani zimene ogwira ntchito asamutsa kuchoka ku mzere wina kupita ku wina, ndipo chiwerengedwe mbali iliyonse payokha. Zochoka ku Chichewa kupita ku Chingerezi zikachuluka pang'ono si zodetsa nkhawa, popeza ndi mtengo wa kupendekera kumene tinasankha. Zochoka ku Chingerezi kupita ku Chichewa ndizo zofunika kuziwerenga imodzi ndi imodzi, chifukwa iliyonse ikusonyeza liwu limene likusowa pa mndandanda kapena uthenga wa makina umene sunachotsedwe. Koma zosochera zambiri sizisamutsidwa n'komwe. Wogwira ntchito amene akuyesedwa ndi liwiro la kuyankha amaona "token" ndi nambala ya malipiro, amaganizira vutolo, amatumiza yankho la Chingerezi lokonzedwa kale n'kutseka nkhaniyo, ndipo pa lipoti zonse zimaoneka bwino.

Zobisikazi zimaoneka m'zimene kasitomala amachita pambuyo pake. Amalembanso uthenga womwe uja liwu ndi liwu, amayankha kuti "sindinamve" kapena "mukuti bwanji", amaimba foni pasanathe ola, kapena amangokhala chete n'kupita kwa ejenti. Njira yodalirika ndi yakuti mlungu uliwonse munthu wodziwa ziyankhulo zonse ziwiri atenge nkhani 100 zotsekedwa pa mzere wa Chingerezi, zosankhidwa mwachisawawa, aziwerenge kuyambira pa uthenga woyamba, ndipo pa iliyonse alembe ngati yankho linaperekedwa m'chiyankhulo chimene munthuyo anafotokozera vuto lake. Nthawi yodikira iyesedwenso pa mzere uliwonse padera, chifukwa mukaiphatikiza, liwiro la mzere wa Chingerezi limabisa kuchedwa kwa wa Chichewa, umene umanyamula nkhani zake, zokayikitsa zonse ndi mawu ojambulidwa amene amatenga nthawi kumvetsera. Mzerewu ukadzaza, yankho lake ndi kuwonjezera anthu, osati kutsitsa malire a lamulo lija kuti zina zisefukire ku Chingerezi. Kusefukira kumatheka mbali imodzi yokha, kuchoka ku Chingerezi kupita kwa odziwa zonse ziwiri.

Chotsala ndi cha anthu amene salemba Chichewa kapena Chingerezi. Kampani ikafika ku Rumphi, ku Mzimba kapena ku Mangochi, mauthenga a Chitumbuka ndi Chiyao amayamba kubwera, ndipo lamulo la mizere iwiri limawakankhira ku Chichewa kapena ku `und`, chifukwa mawu ena monga "kuti" ndi "ndalama" ndi ofanana. Kumeneko n'kwabwino kuposa ku Chingerezi, koma si kunena kuti munthuyo wathandizidwa m'chiyankhulo chake. Mndandanda waung'ono wachitatu wa mawu monga "kweni", "chomene", "yayi" ndi "yewo" umakwanira kuika chizindikiro cha `tum` pa nkhaniyo, ngakhale mzere wake usanakhazikitsidwe. Chizindikirocho chimathandiza woyang'anira kupereka nkhaniyo kwa wogwira ntchito amene kwawo ndi kumpoto ngati alipo pa nthawiyo, ndipo pakutha kwa mwezi chimapereka chiwerengero chenicheni chopita nacho kwa akuluakulu popempha kuti alembe ntchito munthu woyankha m'Chitumbuka.